Kuphunzitsa za Kagulidwe ka Zinthu: Chitsanzo cha Mbeu ya Chimanga pa Chifunga

Mau Oyamba

Mutu wa kugula ndi kugulitsa umapezeka m'maphunziro angapo a makalasi akuluakulu a sukulu za pulaimale, monga masamu, zaulimi ndi chikhalidwe cha anthu. Kawirikawiri timauphunzitsa ngati nkhani ya mitengo yokha. Timauza ana kuti wogula wanzeru amayerekeza mitengo nasankha chotsika. Mwana amalemba zimenezi m'kope mwake, koma akabwerera kwao amaona mai ake akulambalala sitolo zitatu kukagula m'sitolo yachinayi momwe mtengo uli wokwererapo. Tsono mwanayo aganize chiyani? Adzaganiza kuti mai ake ndi osadziwa zinthu, kapena kuti za kusukulu sizikhudza moyo wa kumudzi. Maganizo onse awiriwa ngolakwika, ndipo wowabzala ndife aphunzitsi.

Mfundo ya nkhani yathu ndi iyi. Munthu akamagula chinthu chimene ubwino wake sungaoneke ndi maso pa tsiku logula, amatsamira pa zinthu zitatu: chizolowezi chake, chikhulupiriro chake mwa wogulitsa, ndi mau a anzake. Zitatu zonsezi ndi nzeru, si umbuli ayi. Komabe chilichonse chili ndi malo ake pamene chimasokeretsa. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuthandiza ana kuzindikira malo amenewo. Tifotokoza zimenezi potsata chinthu chimodzi chokha, ndicho mbeu ya chimanga, monga momwe banja la pa Chifunga m'boma la Neno lingaigulire.

Chifukwa Chake Tasankha Mbeu

Zinthu zimene timagula tingazigawe patatu. Zilipo zina zimene timaziyesa tisanalipire. Phwetekere timamuona ngati wapsa, ndipo nsomba youma timainunkhiza. Zilipo zina zimene timazidziwa titazigwiritsa ntchito kamodzi kapena kawiri. Sopo akakhala wosachita thovu, sabata yamawa tigula wina, ndipo chimene tataya nchochepa. Koma zilipo zinanso zimene yankho lake limabwera mochedwa kwambiri. Mbeu ili m'gulu lachitatuli. Mlimi amaigula mu Okutobala kapena mu Novembala, koma amadziwa bwino chimene anagula pofika Malichi kapena Epulo. Akapeza kuti anagula molakwika, mvula yapita kale, feteleza walowa kale m'nthaka, ndipo banja lidikira chaka chathunthu kuti liyesenso.

Malo a Chifunga amakulitsa vuto limeneli. Chifunga ili pa mseu wochokera ku Zalewa kupita ku Mwanza, m'chigawo chakumunsi cha boma la Neno. Chigawo chimenechi ndi chotentha, ndipo mvula yake imakhala yochepa ndi yosadalirika poyerekeza ndi ya kumapiri a boma lomweli, kumene kumazizira ndipo kumalimidwa mbatatesi ndi tirigu. Motero m'boma limodzi muli nyengo ziwiri, ndipo mbeu yochita bwino kumtunda siingachite chimodzimodzi kumunsi. Ndiponso mseu waukulu umabweretsa amalonda ambiri odutsa, amene lero alipo, mawa palibe. Mwana wa pa Chifunga akudziwa kale zonsezi ndi maso ake. Chimene akusowa ndi mau ozifotokozera, ndi mafunso ozipimira.

Chizolowezi

Tiyambe ndi chizolowezi, popeza ndicho chimene anthu ophunzira amafulumira kuchinyoza. Mlimi akanena kuti, "Ine ndimabzala yomweyi chaka ndi chaka," timaganiza kuti sakufuna kusintha. Koma mbiri ya chimanga m'dziko muno ikutiphunzitsa zina.

M'zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980 alangizi a zaulimi analimbikitsa kwambiri chimanga cha haibulidi, pakuti zokolola zake zinali zochuluka kuposa za chimanga cha makolo. Komabe alimi ang'onoang'ono ambiri anapitiriza kubzala cha makolo pa gawo lalikulu la minda yao. Amene anabzala haibulidi nthawi zambiri ankamugulitsa ku ADMARC, nasunga cha makolo kuti adye. Chifukwa chake chinali mumtondo ndi m'nkhokwe. Haibulidi wa masiku amenewo anali wa njere zofewa. Mai akamakonola kuti apeze mphale, njere zinkaphwanyika, ndipo gawo lalikulu linkapita pamodzi ndi madeya. M'nkhokwe namonso anankafumbwe ankayamba kufumbwa chimanga chofewacho. Chimanga cha makolo, pokhala cholimba, chinkakonoleka bwino ndi kusungika nthawi yaitali. Mlangizi ankawerenga matumba pa tsiku lokolola, koma mai ankawerenga ufa woyera umene ufike mumphika mwezi wa Januwale.

Mu 1990 akatswiri a kafukufuku wa chimanga a dziko lino, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anatulutsa mitundu iwiri ya haibulidi wa njere zolimbirapo, MH17 ndi MH18. Mitundu imeneyi inkakonoleka mofanana ndi chimanga cha makolo, ndipo alimi anailandira msanga kusiyana ndi yoyamba ija. Alimiwo sanasinthe mtima ayi. Chimene chinasintha ndi mbeu, imene tsopano inayankha funso lomwe iwo ankafunsa kuyambira kale.

Apa ana aphunzirepo kuti chizolowezi chimakhala ndi chifukwa chobisika, ngakhale mwini wake asathe kuchitchula. Chizolowezi ndi yankho la funso limene linafunsidwa kale, ndipo chimapulumutsa munthu ku ntchito yoganiza chinthu chomwecho chaka chilichonse. Koma chimasokeretsa pamene funso lasintha, yankho nkukhala lomwelo. Banja limene linazolowera mbeu yochedwa kucha m'zaka za mvula yambiri lingapitirize kuigula ngakhale mvula yayamba kudukiza. Palinso chizolowezi china chofala, chobzalanso njere zokolola kuchokera ku haibulidi monga momwe timachitira ndi chimanga cha makolo. Ndi cha makolo nzeru imeneyi ndi yoona. Ndi haibulidi si choncho, chifukwa mbadwo wachiwiri sufanana ndi woyamba: mapesi amatalika mosiyanasiyana, ndipo zokolola zimatsika. Funso loti ana aphunzire kufunsa ndi ili: "Kodi chimene chinatichititsa kuyamba kugula ichi chikadalipo?"

Chikhulupiriro

Chachiwiri ndi chikhulupiriro. Popeza mlimi sangathe kuona m'kati mwa njere, amayang'ana munthu amene akumugulitsa, kapena dzina limene lili pa paketi.

Kukhulupirira wogulitsa kuli ndi maziko omveka. Mwini sitolo amene anamanga nyumba yake pa Chifunga, amene ana ake amaphunzira pa sukulu yomweyo, amene timakumana naye pa maliro ndi kutchalitchi kapena kumzikiti, akatinyenga chaka chino ataya malonda a zaka zambiri. Wamalonda wodutsa, amene wayala mapaketi ake pansi tsiku la msika, alibe chotaya. Ndalama zoonjezera zimene mai uja amalipira m'sitolo yachinayi akugulira mwai wobwerera kukadandaula. Mwai umenewo ndi katundu ndithu, ndipo uli ndi mtengo wake.

Makampani a mbeu amadziwa mphamvu ya dzina. Kampani ya Seed Co inapatsa mitundu yake maina a nyama: Kanyani kwa chimanga chocha msanga, Mkango kwa chapakatikati, ndi Njobvu kwa chochedwa kucha koma chobereka kwambiri pamene mvula ili yokwanira. Manambala a mitundu amavuta kusunga pamtima, koma dzina la nyama ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga angatume nalo mdzukulu. Ana aone kuti dzina lotere limagwira ntchito ziwiri. Limathandiza mlimi kukumbukira chimene chinamuchitira bwino, ndiponso limathandiza kampani kuti mlimiyo asapite kwina.

Tsono pamene dzina lakhulupirika, pomweponso mbala imapezerapo mpata. Vuto la mbeu yachinyengo ndi lodziwika m'Malaŵi. Anthu ena amatenga chimanga wamba, nachipaka utoto wofiira kapena wobiriwira kuti chioneke ngati chothiridwa mankhwala, nachilonga m'mapaketi ofanana ndi enieni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma limayesa ndi kuvomereza mbeu kudzera mwa akatswiri a ku Chitedze, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la mbeu lokhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbeu yachinyengo. Komabe lamulo silingaime pambali pa mlimi aliyense pa msika.

Chinanso nchakuti wogulitsa wokhulupirika nayenso angagulitse mbeu yoipa mosadziwa. Mwina anaipikula kwa munthu wachinyengo. Mwina ndi yotsala ya chaka chatha, imene yakhala miyezi yambiri pansi pa malata otentha a kuchigwa, mphamvu yake yomera nkuchepa. Kukhulupirika kwa munthu sikutsimikiza ubwino wa katundu. Nchifukwa chake chikhulupiriro chiyenera kuyenda ndi maso. Ana aphunzire kuyang'ana zinthu zinayi: ngati paketi ndi yomata bwino, yosasokedwanso, ngati pali chizindikiro chosonyeza kuti mbeuyo inayesedwa, chokhala ndi dzina la mtundu, nambala ya gulu lake ndi nthawi imene inayesedwa, ngati njere zili zofanana kukula, ndi ngati wogulitsa akuvomera kulemba lisiti. Paketi ikakhala ndi kachizindikiro kopala kuti nambala yake itumizidwe pa foni, nambalayo itumizidwe munthu asanachoke pa sitolo. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi zimenezi.

Mau a Anzathu

Chachitatu ndi mau a anzathu. Pa chitsime, pa chigayo, m'gulu la banki ya m'mudzi ndi pa bawo, anthu amauzana mbeu imene inawachitira bwino. Munda wa mnzathu ndi umboni umene timaupeza osalipira, ndipo timaukhulupirira koposa mau a pa wailesi chifukwa mnzathuyo sapindula kanthu tikagula.

Mphamvu ya mau a anzathu inayesedwapo pafupi ndi kwathu kuno. Lori Beaman ndi anzake anachita kafukufuku m'midzi 200 ya m'maboma a Mwanza, Machinga ndi Nkhotakota, nasindikiza zotsatira zake mu 2021. Iwo ankafuna kudziwa momwe njira yobzala chimanga m'maenje imafalikira pakati pa alimi. Anapeza kuti alimi ambiri sayesa chinthu chatsopano atangomva kwa munthu mmodzi, koma amadikira kufikira atamva kwa anthu angapo amene amawadziwa. Ngakhale kafukufukuyu anali wa kalimidwe, khalidwe lomwelo timaliona pogula mbeu. Nchifukwa chake ogulitsa mbeu amakonda kuika minda yachitsanzo m'mbali mwa mseu, kuti anthu ambiri aone, nakasimbe.

Mau a anzathu amasokeretsa m'njira zitatu. Poyamba, mnzathuyo angakhale wosiyana nafe. Amalume a kumapiri a Neno akatamanda chimanga chochedwa kucha, akunena zoona za munda wao. Mphwao wa pa Chifunga akabzala chomwecho, mvula ingathe chimanga chisanakhwime. Munda wachitsanzo nawonso umalandira feteleza wokwanira ndi kupaliridwa pa nthawi yake, zimene banja losauka silingakwanitse. Kachiwiri, anthu amasimba za chaka chimodzi. Mbeu imene inabzalidwa m'chaka cha mvula yabwino imatenga ulemu umene mwini wake ndi mvula, ndipo imene inakumana ndi ng'amba imasenza mlandu wosapalamula. Kachitatu, anthu asanu angatiuze chinthu chimodzi, koma onsewo anamva kwa munthu mmodzi yemweyo. Pamenepo mboni ndi imodzi yokha, ngakhale pakamwa pali pasanu. Mafunso oti ana aphunzire ndi awa: "Kodi munabzala nokha, kapena munangomva? Munda wanu uli kuti? Munathira feteleza wochuluka bwanji? Mwaibzala zaka zingati?"

Chitsanzo Chowerengera

Tsopano tiike zitatuzi pamodzi m'chitsanzo chimodzi chimene mphunzitsi angalembe pa bolodi. Banja ndi mitengo ya m'chitsanzochi nzongoyerekeza, ndipo mphunzitsi aikemo mitengo yeniyeni ya pa msika wa kwao m'chaka chimene akuphunzitsa.

Tiyerekeze kuti banja lina pa Chifunga lili ndi munda wa ekala imodzi. Ekala imodzi imafuna mbeu yokwana makilogalamu pafupifupi 10, ndiwo mapaketi 5 a makilogalamu awiriawiri. M'sitolo imene banjali limagula chaka ndi chaka paketi ili pa K14,000, kotero kuti mapaketi 5 akwana K70,000. Tsiku la msika kwabwera wamalonda wodutsa amene akugulitsa paketi ya dzina lomwelo pa K10,000, kotero kuti mapaketi 5 akwana K50,000. Anzao awiri agula kale kwa iye. Bambo akuti, "Tisunge K20,000, tionjezere pa feteleza." Mai akuti, "Munthu ameneyu tikampeza kuti mbeu ikakana kumera?"

Ana ayambe ndi kutchula chimene chikukoka aliyense. Bambo akukokedwa ndi mtengo ndi mau a anzao. Mai akukokedwa ndi chizolowezi ndi chikhulupiriro. Kenaka afunse za mboni ziwiri zija. Anzaowo agula, koma sanabzale. Umboni wao ndi wa mtengo wokha, osati wa mbeu.

Pambuyo pake tiyerekeze kuti mbeu zonse ziwiri zayesedwa. Pa njere 100 za m'sitolo zamera 95, ndipo pa njere 100 za wodutsa uja zamera 60. Ndiye kuti m'makilogalamu 10 a m'sitolo, amoyo ndi 9.5, pamene m'makilogalamu 10 a wodutsa, amoyo ndi 6 okha. Tikagawa K70,000 ndi 9.5 tipeza pafupifupi K7,368 pa kilogalamu ya mbeu yamoyo. Tikagawa K50,000 ndi 6 tipeza pafupifupi K8,333. Mbeu yotsika mtengo ija yasanduka yodula. Ndipo masamu sanathere pomwepo. Banja likabzala njere imodzi pa phando, mapando 4 mwa 10 alionse adzakhala opanda kanthu. Lidzafunika kugula mbeu ina yobwezera m'mipatamo, ndipo chimanga chobzalidwa mochedwa chimaphimbidwa ndi chinzake choyamba. Kudera la mvula yaifupi, masabata awiri otayika pa chiyambi ndi okwanira kulekanitsa nkhokwe yodzaza ndi nkhokwe yatheka.

Mphunzitsi asalekere pamenepa, kuopa kuti ana angaganize kuti chodula ndicho chabwino nthawi zonse. Asinthe manambala: nanga mbeu ya wodutsa ikamera 90? Pamenepo kilogalamu yamoyo ili pa K5,556, ndipo bambo aja akuoneka ngati apambana. Apa ndi pamene pali malire a kuyesa kameredwe. Chimanga wamba chokololedwa chaka chomwecho, chitapakidwa utoto, chimamera bwino lomwe. Kuyesa kumagwira mbeu yakale kapena yoonongeka, koma sikugwira mbeu yabodza. Bodza limaonekera m'munda mochedwa, pamene mapesi atalika mosiyana, ngayaye zatuluka pa nthawi zosiyana, ndipo zisononkho zasiyana kukula. Nchifukwa chake ngakhale titayesa, chikhulupiriro mwa wogulitsa chimafunikabe. Mai aja sanalakwe kufunsa funso lao.

Kaphunzitsidwe Kake

Phunziroli likuyenera ana a Sitandade 7 kapena 8, ndipo nthawi yake yabwino ndi mwezi wa Okutobala, makolo akukonzekera kugula mbeu. Tiligawe m'masiku atatu, ndi sabata imodzi pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Zipangizo zake ndi mapaketi opanda kanthu a sopo, mchere ndi mbeu, chiguduli kapena nsalu yakale, madzi, ndi njere za magulu awiri kapena atatu, monga za paketi yatsopano, za paketi yotsala ya chaka chatha, ndi za m'nkhokwe.

Tsiku loyamba tiyambe ndi zimene ana amagula okha. Tiwafunse kuti: "Tsiku lomaliza limene munatumidwa kukagula kanthu, anakuuzani kuti chiyani? Anatchula dzina la chinthucho? Anatchula sitolo?" Mayankho tiwalembe pa bolodi m'mizere inayi: mtengo, chizolowezi, chikhulupiriro, ndi mau a anzathu. Ana adzaona okha kuti mzere wa mtengo si ndiwo wokha wodzaza. Pomaliza tiwapatse mafunso okafunsa kunyumba: mbeu imene inagulidwa chaka chatha, kumene inagulidwa, amene anaitchula koyamba, ndi zaka zimene banja laibzala. Tisawatume kukafunsa kuti, "Mumasankha bwanji mbeu?" Funso lotere limabala yankho lokongola, pakuti munthu aliyense amafuna kuoneka woganiza bwino. Funso la chimene chinachitika chaka chatha ndilo limabala zoona.

Tsiku lachiwiri tisonkhanitse mayankho popanda kulemba dzina la banja kapena la sitolo, tisimbe mbiri ya MH17 ndi MH18, ndipo tiyale mbeu zoyesa. Pa gulu lililonse ana awerenge njere 100, zotapidwa pamwamba, pakati ndi pansi, osasankha zokongola. Aziyale pa chiguduli chonyowa m'mizere 10 ya njere khumikhumi, aphimbe ndi chiguduli china chonyowa, naike pamthunzi pamene nkhuku ndi makoswe sizingafike. Tsiku ndi tsiku awaze madzi kuti chiguduli chikhale chonyowa koma chosadontha. Madzi akachuluka njere zimaola ndi kuchita nguwi, ndipo chikauma zimaleka kumera. Zonse ziwirizi zimapereka yankho lonama. Mbeu ya m'paketi ndi yothiridwa mankhwala akupha, choncho mwana asaiike pakamwa, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Tsiku lachitatu, patatha masiku 7, ana awerenge njere zimene zatulutsa muzu ndi mphukira zonse ziwiri. Njere yongotupa kapena ya muzu wokha isawerengedwe. Mbeu yabwino ya chimanga imamera 90 kapena kuposa pa 100. Manambala amene apezeka ndiwo agwiritsidwe ntchito m'masamu a chitsanzo chija.

Zoyenera Kupewa

Pali misampha itatu imene mphunzitsi watsopano angagweremo. Woyamba ndi kusanduka wotsatsa malonda. Ana adzafunsa kuti, "Nanga inu aphunzitsi mumabzala iti?" Mau a mphunzitsi ndi olemera m'mudzi, ndipo akatchula mtundu umodzi waonjezera chabe pakamwa pena pa mau a anzathu aja. Ndi bwino kubweza funsolo ku zimene zalembedwa pa paketi, makamaka masiku amene mbeuyo imatenga kuti ikhwime, ndi kwa mlangizi wa zaulimi wa deralo. Wachiwiri ndi kutchula sitolo kapena munthu kuti ndi wachinyengo. M'kalasi momwemo muli ana a amalonda, ndipo chiguduli chimodzi cha ana a sukulu si umboni wokwanira kuipitsira munthu mbiri. Banja likakayikira mbeu, lipite ndi paketi ndi lisiti kwa mlangizi. Wachitatu ndi kuchititsa manyazi ana amene makolo ao amabzala za m'nkhokwe. Ambiri amatero chifukwa chosowa ndalama, ndipo ena amatero mwadala pofuna chimanga chokonoleka ndi chosungika bwino.

Kuyesa Ngati Ana Amva

Mwana amene angathe kutchula mau atatu aja, chizolowezi, chikhulupiriro ndi mau a anzathu, waloweza chabe. Kuti tidziwe ngati wamva, timpatse chinthu china chimene sitinachitchule m'kalasi, monga nyali yoyendera dzuwa kapena mankhwala a mbuzi, ndipo ayankhe mafunso awa:

1. Kodi ubwino wa chinthuchi ungadziwike liti: tisanagule, titangogwiritsa ntchito, kapena patapita miyezi?
2. Anthu atatu achitamanda. Tingawafunse chiyani kuti tidziwe ngati umboni wao ukutikhudza?
3. Wogulitsa wina ndi wokhazikika, wina ndi wodutsa, ndipo wodutsayo watsitsa mtengo. Kodi ndalama zoonjezera za kwa wokhazikika zikugula chiyani?
4. Tchulani njira imodzi yoyesera chinthuchi, ndi chinyengo chimodzi chimene njirayo siingagwire.

Yankho lakuti "tigule chotsika mtengo" kapena "tigule chodula" popanda chifukwa likusonyeza kuti mwanayo akadali pamene tinayambira. Yankho lofunsa za munda wa mboni, za lisiti, kapena za kumene wogulitsa adzapezeke mwezi wamawa likusonyeza kuti phunziro lalowa. Funso lachinayi ndilo lovuta koposa, ndipo ana ambiri akalilephera, mphunzitsi abwerezenso gawo lomaliza la chitsanzo chowerengera, pamene mbeu yabodza inamera 90 pa 100.